Kulumikiza midzi ndi mapaipi ochepa

Madzi a m'mipopi ya kuno ku Luwinga amachokera ku damu la Lunyangwa, ndipo amatipatsa ndi a Northern Region Water Board. Paipi ndi yodula, kukumba ngalande nakonso ndi ndalama. Ndiye funso langa ndi ili: mukakhala ndi midzi ingapo, mungailumikize bwanji yonse ndi paipi yaifupi kwambiri?

Funsoli ndi lakale. Mu 1926 katswiri wa masamu Otakar Borůvka analiyankha pothandiza ofuna kukoka mawaya a magetsi ku Moravia, ku Ulaya. Njira imene ndimaikonda ine ndi ya Joseph Kruskal ya mu 1956, chifukwa imangofuna pensulo basi.

Tiyerekeze kuti tili ndi thanki T ndi midzi inayi, A, B, C ndi D. Choyamba timandandalika mitunda m'mamita, kuyambira waufupi: AB 200, CD 250, TA 300, TB 400, BC 500, TC 700, TD 800. Mitunda yotsalayo ndi yoposa 500.

Kenako timatenga umodziumodzi, koma timakana paipi iliyonse yolumikiza malo amene alumikizidwa kale. AB tatenga, CD tatenga, TA tatenganso. Pa TB ndiye pofunika kuchenjera. Madzi akufika kale ku B kudzera ku A, choncho paipi imeneyi ingangopanga chizungulire, ndipo mamita 400 angapite pachabe. Taisiya. Yotsatira ndi BC, ndipo ikulumikiza C ndi D kwa anzawo. Zatheka! Kuwonkhetsa 200, 250, 300 ndi 500 tikupeza mamita 1,250. Mudzi uliwonse ukanakoka paipi yakeyake kuchokera ku thanki, pakanalowa mamita 2,200. Tapulumutsa mamita 950.

Podzichonga, werengani mapaipi. Ayenera kuchepa ndi imodzi poyerekeza ndi malo onse: malo asanu, mapaipi anayi. Akakwana asanu, muli chizungulire penapake. Akakhala atatu, ena atsala opanda madzi. Chithunzi chake chimaoneka ngati mtengo, chifukwa nthambi zake sizikumananso.

Koma mtengowu uli ndi vuto lake. Paipi ya BC ikaphulika, C ndi D onse auma, poti palibe njira ina. Komanso madzi a ku D akuyenda mamita 1,250 chonsecho thanki ili pa mamita 800, ndiye amafika atafooka, makamaka mudziwo ukakhala pamtunda monga alili malo ambiri muno mu Mzuzu. N'chifukwa chake nthawi zina akatswiri amawonjezera dala paipi ngati TC, ngakhale ndi ndalama zina. Masamuwa amatiuza utali wochepetsetsa, ndiye wokonza mapulani amadziwa kuti pa chitetezocho walipira mamita 700.

Yesani kusintha BC akhale 750, muone paipi imene ilowe m'malo mwake mwa mitunda tandandalika ija.