Kukana Mwaulemu Pamalonda ku China

Ku China, kukanira mnzako wapamalonda mwachindunji kumamuchotsera "myanzi", ulemu umene munthu amakhala nawo pamaso pa anzake. N'chifukwa chake kalata yokana imalembedwa mosamala kwambiri.

Tiyerekeze kuti wogula wapempha fakitale ya ku Shenzhen kuti itsitse mtengo. Woyankha amayamba ndi kumuthokoza, akumutchula ndi dzina la banja ndiponso udindo wake, komanso kugwiritsa ntchito 您, "inu" waulemu. Kenako amafotokoza chimene chikulepheretsa, monga kukwera mtengo kwa zipangizo. Salemba kuti wogulayo wapempha zosatheka ayi. Vuto amaliika pa zinthu zimene onse awiri sangazisinthe. Kukana kwenikweniko kumafewetsedwa ndi mawu ngati 暂时, kutanthauza "pakadali pano".

Gawo lofunika koposa limabwera pambuyo pake: kupereka njira ina. Fakitale ingavomere kutsitsa mtengo ngati wogula atawonjezera katundu amene akuitanitsa. Apo wogulayo amakhala ndi chokauza abwana ake.

Ngozi yake ndi kufewetsa mopitirira muyeso. Mawu akuti 我们考虑一下, "tiganizirapo", kawirikawiri amakhala kukana, koma mlendo angadikire yankho milungu ingapo. Ngati kalata sinatchule tsiku loyankha kapena njira ina, nthawi zambiri nkhaniyo yathera pomwepo.