Chotentha Kapena Chofunda? Mmene Mungaweruzire Chakudya Chophikaphika cha Pamsewu

Amayi anzanga, palibe mwa ife amene sanagulepo chakudya chophikaphika panjira. Timagula pa depoti podikira basi, pamsika dzuwa likafika paliwombo, ndiponso pachipata cha chipatala tikamadikirira wodwala. Ena mwa ife ndife timaphika n'kugulitsa, ndipo fizi ya ana imachokera m'mapoto omwewo. Choncho sindikukuuzani kuti musiye kugula. Ndikufuna kuti muzidziwa chinthu chimodzi choyenera kuyang'ana musanatulutse ndalama pansonga ya chitenje: kodi chakudyacho n'chotentha, kapena n'chofunda chabe?

Kusiyana kwa mawu awiriwa n'kumene kumabweretsa anthu ambiri kuchipatala akusanza ndi kutsegula m'mimba.

Chifukwa chake chofunda n'choopsa

Tizilombo toyambitsa matenda tili ngati ife: sitikonda moto, sitikondanso chisanu. Chakudya chikamabwata, tambiri timafa. Chikakhala chotentha kupitirira madigiri 60, kutentha koti simungapirire kusiyamo chala, sitingaswane. Chikazizira kwambiri ngati cha mufiriji, pansi pa madigiri 5, timangokhala osachuluka kwenikweni. Koma pakati pamenepa m'pamene timasangalala, makamaka chakudya chikafunda ngati thupi la munthu, monga mmene timafunditsira madzi osambitsira khanda.

Pa kufunda kotere, tizilombo tina timatha kuwirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera, chopanda moto kapena firiji, kupitirira maola awiri.

Vuto la chakudya cha pamsewu ndi lakuti zinthu zimene ogulitsa amasungiramo, monga kulaboksi, fudiwoma, kapena ndowa yokulunga ndi nsalu, sizitenthetsa chakudya. Zimangochedwetsa kuzizira. Poyamba zimathandiza, koma pakapita maola angapo zimasunga chakudya pa kufunda kuja kumene tizilombo timakonda.

Tiyeni titsatire poto mmodzi wa mpunga

Tiyerekeze kuti mayi wina wadzuka m'bandakucha n'kuphika mpunga ndi nkhuku. Pofika 6 koloko zapsa. Wapakulira mpunga m'kulaboksi, nkhuku ndi msuzi wake m'kontena, n'kukwera kabaza kupita pamalo ake ogulitsira. Mayiyu ndi waukhondo, anasamba m'manja, mbale zake n'zotsuka bwino.

Amene wagula 8 koloko wadya chakudya chabwino, chifukwa mpunga ukadali kutuluka nthunzi. Koma nthawi iliyonse mayiyu akavundukula kuti apakulire munthu, kutentha kumathawa, ndipo mpunga ukamachepa m'kulaboksi umazizira msanga. Tinene kuti pofika 9 koloko wasanduka wofunda.

Mwina mukufunsa kuti, poti mpungawo unaphikidwa bwinobwino, tizilombo tichokera kuti? Mumpunga wosaphika mumakhala kachilombo kotchedwa Bacillus cereus, kamene kamapezeka m'dothi. Kachilomboka kamadzitsekera m'kachikhungwa kolimba ngati mbewu, ndipo kuphika sikukapha. Mpunga ukafunda, mbewu zija zimamera n'kuyamba kuswana.

Tsopano inu mwafika 2 koloko masana, njala yakupwetekani. Mpunga wakhala wofunda kwa maola asanu. Ngati tizilombo takhala tikuwirikiza pa mphindi 20 zilizonse, ndiye kuti tawirikiza ka 15. Pamene panali tizilombo 100 m'mawa, pakhoza kukhala toposa 3 miliyoni. Poswanapo timatulutsa poizoni mumpungamo. Amene wadya amayamba nseru ndi kusanza pasanathe maola asanu ndi limodzi, nthawi zina ola limodzi lisanakwane.

Apa pali zinthu ziwiri zimene ambiri sadziwa. Choyamba, mpunga wotere nthawi zambiri sununkha, susasa, ndipo suoneka mwachilendo. Tizilombo timene timasasitsa chakudya si timene timadwalitsa kwambiri. Mphuno imakuuzani za chakudya chimene chaonongeka kale kwambiri, koma singakutsimikizireni kuti chakudya chili bwino. Chachiwiri, poizoni wa mumpungayu saphedwa ndi moto. Ngakhale wogulitsa atakutenthetserani pambaula mpaka nthunzi kuti tolo, tizilombo tidzafa koma poizoni adzatsala.

Nanga nkhuku ndi msuzi uja? Nyama ya msuzi, mang'ina ndi nyemba zophikidwa mumphika waukulu zili ndi kachilombo kawo kotchedwa Clostridium perfringens, kamenenso kamapirira kuphika n'kudzuka ndiwo zikafunda. Aka sikafulumira. Munthu amadya masana, n'kudzuka pakati pa usiku kapena m'mawa m'mimba mukupotokola ndi kutsegula, ndiye amanamizira chakudya cha madzulo cha kunyumba. Ubwino wake ndi wakuti ndiwo zotere zikabwatitsidwanso mokwanira, mpaka msuzi wonse kuwira, ngoziyo imachepa kwambiri.

Zimene mungaone muli chiimire

Yambani ndi moto. Kodi poto ali pambaula yoyaka, kapena makala anazima kalekale n'kusanduka phulusa? Msuzi umene ukubwata pang'onopang'ono pamoto ukhoza kukhala maola angapo uli bwino, chifukwa sunalowe mu kufunda kuja. Wogulitsa akavundukula, payenera kutuluka nthunzi yeniyeni. Madontho a madzi pansi pa chivundikiro popanda nthunzi akusonyeza kuti chakudyacho chinali chotentha kale, osati panopa. Yang'ananinso mafuta: ngati pamwamba pa msuzi wa nyama mafuta ayamba kugwirana n'kuyera, msuziwo wazizira.

Akakupatsani mbale, gwirani pansi pake. Izikuotchani m'manja, ndipo chakudyacho chizifuna kuuzira musanadye. Ngati mungathe kudya nthawi yomweyo osauzira, n'chofunda.

Kenako funsani nthawi. Palibe chipongwe kufunsa mwaulemu kuti, "Amayi, mpungawu mwaphika nthawi yanji?" Wogulitsa amene amaphika pang'onopang'ono, poto wa m'mawa ndi poto wina wa masana, amayankha mosavuta ndipo nthawi zambiri mumaona poto wachiwiri ali pamoto. Malo amene pali anthu ambiri ndi abwinopo, chifukwa chakudya sichikhalitsa. Muzisamala kwambiri m'mamawa, pamene ena amatenthetsa zotsala zadzulo, ndiponso chakumadzulo, pamene zimene zatsala ndi za pansi pa poto wa m'mawa. Mukaona wogulitsa akuthira ndiwo zatsopano pamwamba pa zakale m'kontena imodzi, dziwani kuti zakalezo zikhoza kuipitsa zatsopano.

Pomaliza yang'anani manja. Pakhungu pathu, m'mphuno ndi m'zilonda mumakhala kachilombo kotchedwa Staphylococcus. Wogulitsa akamagwira nyama yophika, mazira osenda kapena samusa ndi dzanja, kachilomboka kamalowa m'chakudya, ndipo chakudyacho chikakhala chofunda kamatulutsa poizoni amenenso moto suthetsa. Dzanja limene likulandira ndalama lisakhale lomwe likugwira chakudya. Pakhale chipande, supuni kapena foloko. Ndipo ngati mbale zonse zikutsukidwa m'beseni limodzi la madzi amene achita bii, kutentha kwa chakudya sikukuthandizani.

Si zakudya zonse zili ndi ngozi yofanana

Tizilombo timakonda chakudya chonyowa komanso cha nyama, mazira, nyemba kapena mpunga. Mandasi, zitumbuwa ndi mtedza wokazinga n'zouma, ndipo zikakhala zovundikira bwino ku ntchentche ndi fumbi sizivuta kwenikweni. Chimanga chootcha muli pomwepo n'chabwino. Samusa wa nyama ndi wosiyana ndi mandasi: kunja n'kouma koma mkati muli nyama yonyowa, choncho amene wakhala m'ndowa kuyambira m'mawa ndi wokayikitsa.

Pachiwaya, ambiri amakazinga tchipisi ndi nyama n'kuzikankhira m'mphepete kudikira wogula. M'mphepetemo n'mofunda chabe. Auzeni azibweze pakati pa mafuta otentha inu mukuona, ndipo nyama ikhalemo mpaka itenthe mkati mwenimweni. Idulitseni muone: nkhuku kapena nkhumba isakhale yofiira pafupi ndi fupa. Chimene chimaononga tchipisi wabwino kawirikawiri ndi saladi wa kabichi ndi tomato amene amamuika pamwamba. Saladiyu sanaone moto, anadulidwa m'mawa, ndipo madzi amene anatsukira simukuwadziwa. M'nyengo ya mvula, makamaka kukamveka kolera m'dera lanu, mukaneni. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Mukagula, wotchi ikuyendabe

Chakudya chotentha chikaikidwa m'jumbo n'kulowa m'basi, chimayamba kufunda pomwepo. Ngati mwagula mpunga ndi nkhuku pa Zalewa kuti mukapatse ana mukafika ku Lilongwe, mwachita nokha zimene tikuopa kwa wogulitsa. Idyani nthawi yomweyo. Zokapatsa ana kunyumba zikhale nthochi, malalanje, buledi kapena mandasi.

Izi n'zofunika kwambiri kwa amayi oyembekezera, ana osakwana zaka zisanu, okalamba, ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chochepa. Chimene chingangovutitsa munthu wamphamvu usiku umodzi chikhoza kutha madzi m'thupi la mwana mofulumira. Inu amene mumadikirira odwala, musasunge mbale ya masana pansi pa bedi kuti wodwala adzadye usiku. Ngati mukugulira mayi amene wangobereka kumene, sankhani chimene chikuchoka pamoto inu mukuona.

Wina akadwala, muyambitseni Thanzi ORS mwamsanga: paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, azimwa pang'onopang'ono ngakhale akusanza. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Musathamangire kugula makapisozi pagolosale, chifukwa sachotsa poizoni. Pitani kuchipatala mosazengereza ngati chimbudzi chili ndi magazi kapena chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga, ngati wodwala akusanza chilichonse chimene wamwa, thupi latentha kwambiri, maso alowa, sakukodza, kapena mwana wafooka n'kulephera kuyamwa. Mayi woyembekezera asadikire zizindikiro zonsezi. Apite tsiku lomwelo.

Kwa inu amayi amene mumagulitsa, malangizo ndi omwewa kungowatembenuza. Phikani pang'ono kawiri m'malo mophika zambiri kamodzi, sungani ndiwo pamoto wosazima, ndipo mpunga wotsala madzulo musaugulitse mawa. Zimadya makala, n'zoona, koma wogula amene wadwala sabweranso. Ndipo tikamaphika pa zochitika za ku parishi, pa ukwati, pa maliro kapena pa msonkhano wa bungwe lathu, tisaphike mpunga usiku n'kuusunga m'ndowa kudikira Misa ithe masana. Tigawane ntchito kuti ena atsale pamoto, chakudya chipse nthawi yodyera itayandikira.