Maganizo a womenya penate

Penate imamenyedwa pa mtunda wa mamita 11 kuchokera pagolo, koma ambiri amaiphonya asanagunde n'komwe mpira. Nthawi yovuta ndi ya pakati pa kulira kwa wezulo ndi kumenya. Wamantha amathamangira kuti zithe msanga, maso ali pa goloboyi, ndipo mpira umalunjika komweko kumene akuyang'ana.

Akatswiri amasankhiratu mbali asanafike pamalopo. Amaika okha mpira, n'kubwerera m'mbuyo mapazi omwewo amene anazolowera pokonzekera. Wezulo ikalira amayamba apuma mozama, monga amachitira Cristiano Ronaldo, kenako n'kunyamuka.

Ena, monga Jorginho, amadikira kuti goloboyi apendekere mbali imodzi. Njirayi ndi yoopsa: goloboyi akangoima chilili, womenyayo amasowa mphamvu. Choipitsitsa n'kusintha maganizo uli kale paliwiro.