Lipoti la masamba 40, mphindi 15 zokha

Tiyerekeze kuti mwalemba lipoti la masamba 40 lofotokoza chifukwa chake mijigo ya m'dera lina ikufa, ndipo akhonsolo akupatsani mphindi 15 kuti mulifotokoze. Ambiri amathamangira kutsegula PowerPoint n'kuyamba kukopera ndime zathunthu. Ntchitoyi imayambira papepala, ndipo choyamba kuwerengera ndi nthawi. Silaidi imodzi imadya mphindi imodzi kapena ziwiri poifotokoza, choncho malo alipo a masilaidi pafupifupi 10 basi.

Tsopano yendani m'lipotilo chigawo ndi chigawo, ndipo pa chilichonse lembani chiganizo chimodzi chonena zimene chigawocho chikutsimikiza. Magawo salemera mofanana. Mawu oyamba ndi mbiri ya ntchitoyo, ngakhale zitadzaza masamba 8, zikwane pa silaidi imodzi. Njira yofufuzira nayonso imodzi: midzi ingati, mijigo ingati, liti. Malo ambiri apite ku zimene mwapeza, masilaidi asanu mwina, mfundo iliyonse payokha. Zothokoza ndi mndandanda wa mabuku zitsale m'lipoti momwemo.

Chiganizo chija ndicho chikhale mutu wa silaidi, ndipo apa m'pamene pagona luso lonse. Mutu wakuti "Zotsatira" suuza munthu kanthu. Koma wakuti "Mijigo 18 mwa 30 inafa chifukwa chosowa zipangizo zosinthira" wanena kale nkhani, moti ngakhale khansala amene anali pafoni akadzutsa mutu aigwira. Pansi pake muyike umboni wokha, monga galafu imodzi kapena mizere itatu. Tebulo lalikulu la m'lipoti musalinyamule lonse. Tengani manambala awiri kapena atatu amene akuchirikiza mutuwo. Mukaona kuti mukuchepetsa zilembo kuti mawu akwane, dziwani kuti silaidiyo yasenza mfundo ziwiri, ndipo njofunika kuigawa.

Ndondomeko ya lipoti siyofunika kuitsata ngati lamulo. Lipoti limasunga malangizo kumapeto, pamene anthu ogamula nkhani amafuna kumva msanga chimene mukuwapempha. Ngati pempho ndi ndalama zogulira zipangizo, likhale pa silaidi yachiwiri, umboni uzibwera pambuyo.

Kompyuta ingakupeputsireni ntchito yotsala. Mu Word, ikani mitu ya masilaidi pa Heading 1 ndi timfundo tapansi pake pa Heading 2, sungani fayiloyo n'kuitseka. Kenako mu PowerPoint pitani pa New Slide, musankhe Slides from Outline. Mawu amene sanaikidwe pa Heading sabwera, choncho masilaidi akatuluka opanda kanthu, vuto lili pamenepo.

Musanakongoletse chilichonse, werengerani mnzanu amene sanaone lipotilo mitu yokhayokha motsatana. Akafunsa kuti "nanga zipangizozo zikusowa bwanji?", ndiye kuti chigawo chofotokoza zimenezo mwachidumpha, ndipo chikufunika silaidi yakeyake.