CV ya pa intaneti imene wolemba ntchito wa kunja angaiwerenge mosavuta

Munthu wolemba anthu ntchito ku Leeds kapena ku Johannesburg akatsegula CV ya wachinyamata wa ku Malawi, sakhala ndi womufotokozera kuti LUANAR n'chiyani kapena kuti MSCE ndi mayeso a msinkhu wanji. Amakhala ndi tsamba lokhalo. Mwina alitsegulira pa foni ali m'basi, mwinanso ndi wosaona amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yomuwerengera mokweza, monga NVDA kapena JAWS. Tsamba limene lingamuthandize ndi lija limene chilichonse chimadzitchula chokha: uwu ndi mutu, awa ndi maphunziro, ili ndi tsiku.

Masamba a pa intaneti amalembedwa m'chinenero cha HTML, chimene anayambitsa Tim Berners-Lee ali ku CERN. Mawu alionse amakutidwa ndi tizizindikiro timene owerenga sationa koma makina amationa. Vuto la ongoyamba kumene n'lakuti amakuta zonse ndi `div`, chizindikiro chimene sichinena kanthu, kenako n'kukulitsa zilembo kuti zioneke ngati mutu. Zili ngati zitini za mchere ndi shuga zosalembedwa: mwini khitchini amazidziwa, koma mlendo amayenera kulawa chilichonse. HTML5, imene bungwe la W3C linaivomereza mu 2014, ili ndi zizindikiro zonena ntchito yake, monga `header`, `main`, `section`, `article` ndi `footer`.

Chitsanzo chikhale cha mtsikana amene wamaliza digiri ya zaulimi ku Bunda ndipo akufunsira ntchito yoyeza nthaka ku Britain. Akufunika fayilo imodzi yokha, `index.html`, yoti ailembe ngakhale mu Notepad. Pamwamba pa fayiloyo pali mizere imene ambiri amangoikopera osadziwa ntchito yake:

```html
<!DOCTYPE html>
<html lang="en">
<meta charset="utf-8">
<meta name="viewport" content="width=device-width, initial-scale=1">
<title>Full Name, Soil Scientist CV</title>
```

Mzere wa `lang="en"` umauza pulogalamu yowerenga mokweza kuti itchule mawuwo mwa Chingelezi. Wa `utf-8` ndi wofunika kwambiri kwa Amalawi: ukasowa, chilembo cha ŵ chikhoza kuoneka ngati Åµ, ndipo dzina la munthu kapena la mudzi limaonongeka pamaso pa amene akufuna kulemba ntchitoyo. Wa `viewport` umachititsa tsamba kukwanira pa foni. Popanda iwo zilembo zimachepa kwambiri moti munthu amachita kutambasula ndi zala kuti awerenge.

Pambuyo pake pamabwera mitu, ndipo apa m'pamene pagona ntchito yeniyeni. Dzina la mtsikanayo likhale mu `h1`, ndipo `h1` akhale mmodzi yekha pa tsamba lonse. Zigawo zikuluzikulu, monga maphunziro, ntchito zimene anagwirapo ndi luso lake, chilichonse chitenge `h2`. Ntchito iliyonse payokha itenge `h3`. Kudumpha kuchoka pa `h1` kufika pa `h4` chifukwa choti zilembo za `h4` zikuoneka bwino n'kulakwitsa, pakuti kukula kwa zilembo ndi ntchito ya CSS, pomwe nambala ya mutu imanena kuti chili pansi pa chinzake n'chiti. Wogwiritsa ntchito NVDA amangodina batani la H kuti alumphe kuchoka pa mutu wina kupita pa wina. Ngati mituyo ndi zilembo zongokulitsidwa, batanilo silipeza kanthu, ndipo iye amayenera kumvera tsamba lonse kuyambira pamwamba kuti apeze pamene pali maphunziro.

Ntchito imene mtsikanayo anagwira ali pasukulu ingalembedwe motere:

```html
<section>
  <h2>Experience</h2>
  <article>
    <h3>Field Intern</h3>
    <p><time datetime="2023-03">March 2023</time> to
       <time datetime="2023-08">August 2023</time></p>
    <ul><li>Tested soil pH on smallholder maize plots</li></ul>
  </article>
</section>
```

Mwezi walembedwa m'mawu mwadala. Tsiku lolembedwa 03/04/2023 munthu wa ku Britain amaliwerenga kuti ndi pa 3 Epulo, pomwe wa ku America amati ndi pa 4 Malichi. Chizindikiro cha `time` chimasungiranso makina tsikulo m'njira imodzi yosasokoneza, kuyambira chaka kenako mwezi. Nambala ya foni nayo iyambe ndi +265, chifukwa 0 wa kumayambiriro sagwira ntchito kwa woimba ali kunja.

Tsamba loyalidwa bwino silipindula kanthu ngati zolembedwamo sizikumveka kwa mlendo. Dzina la yunivesite lilembedwe lonse, Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources, pamodzi ndi dziko. Amene anaphunzira ku Polytechnic angachite bwino kuonjezera kuti kuyambira mu 2021 sukuluyi imatchedwa MUBAS, kuti wofufuza asaganize kuti ndi sukulu ziwiri. Ngati digiri inayesedwa kale ndi UK ENIC ya ku Britain kapena SAQA ya ku South Africa, mzere umodzi wonena zimenezi umayankha funso limene wolemba ntchito akanalifunsa.

Palinso zimene Amalawi anazolowera kuika pa CV koma siziyenera kufika pa tsamba lotere. Mudzi, mfumu yaikulu, mpingo, tsiku lobadwa ndi zoti ali pabanja kapena ayi, ku Britain sazifuna. Lamulo lawo la Equality Act la 2010 limaletsa kusala munthu chifukwa cha zaka, chipembedzo kapena mtundu, choncho olemba ntchito ambiri amakonda kusaziona n'komwe, kuphatikizapo chithunzi. Ku Germany chithunzi chidakali chofala, motero m'pofunika kuona kaye mwambo wa dziko limene munthu akufunsirako. Chachikulu n'chakuti tsambali aliyense akhoza kuliona. Nambala ya pasipoti kapena ya chiphaso cha unzika isayerekeze kuikidwapo, ndipo manambala a foni a aphunzitsi omuchitira umboni si ake oti awayale poyera. Akuba a pa foni ndi onamizira kulemba anthu ntchito kunja amasakasaka zinthu ngati zimenezi.

Kudziwa ngati tsamba lamangidwa bwino n'kosavuta. Mtsikanayo aike fayilo yake pa validator.w3.org, pamene adzamuonetse zizindikiro zimene sanatseke. Kenako azimitse zokongoletsa zonse. Mu Firefox zimatheka posankha View, Page Style, No Style. Chotsalacho chiyenera kuwerengeka bwinobwino: dzina pamwamba, zigawo motsatana, mndandanda uli ndi timadontho take. Ngati masiku athawa pa ntchito zake kapena luso lalowerera m'kati mwa maphunziro, ndiye kuti zinthuzo sizinalembedwe motsatana bwino mu fayilo ya HTML.

Kuliika pa intaneti sikulira ndalama. GitHub Pages imasunga tsamba lotere kwaulere, pa adiresi ya mtundu wa `username.github.io`. Popeza ndi mawu okhaokha, limatseguka ngakhale netiweki ili yofooka, ndipo silidya bandulo.

Komabe tsambali lili ndi malire ake. Makampani akuluakulu ambiri amalandira makalata ofunsira ntchito kudzera pa fomu, ndipo makina awo amawerenga fayilo ya PDF kapena ya Word imene munthu watumiza, osati tsamba lake la pa intaneti. Mwayi wake n'ngwakuti tsamba loyera limasanduka PDF podina Ctrl+P n'kusankha Save as PDF, ndipo mawu ake amakhalabe mawu okopereka, mosiyana ndi CV yojambulidwa ndi kamera ya foni. Mtsikanayo asankhe pepala la A4 ngati akutumiza ku Britain, kapena Letter ngati ndi ku America, aonetsetse kuti sizikupitirira masamba awiri, ndipo adiresi ya tsamba lake aiike pansi pa dzina, pafupi ndi imelo.