Zimene miniti za komiti ya matenda zimasunga

Ku Malawi, komiti yowunika matenda a boma imayendera lamulo logulira katundu wa boma. Tiyerekeze kuti khonsolo ikufuna madesiki 200, ndipo makampani atatu apikisana. Mlembi amalemba kuti woyamba wagwa msanga chifukwa sanaikemo chikalata cha MRA chosonyeza kuti amakhoma msonkho, ngakhale mtengo wake unali wotsikitsitsa. Wachiwiri wapeza mamalikisi 62, kulephera 70 amene chikalata cha tenda chinafuna, poti matabwa ake ndi opyapyala. Wachitatu wapeza 81, ndiye komiti yamuvomereza.

Manambala okha sakwanira. Wogwa akakadandaula ku PPDA, ofufuza amafuna chifukwa cholembedwa pambali pa malikisi aliwonse, ndi siginecha ya membala aliyense.