Mawu Ofotokozera Chithunzi ndi Ofotokozera Kavidiyo

Mawu olembedwa pansi pa chithunzi amagwira ntchito yosiyana ndi olembedwa pa kavidiyo, ngakhale zonse zitajambulidwa pa mphindi imodzi. Chithunzi chimaimitsa nthawi, choncho mawu ake amafotokoza zimene diso silingaone: munthuyo ndani, ali kuti, tsiku liti, ndipo chinatsatira n'chiyani. Kavidiyo kamaonetsa kokha zochitikazo, motero mawu ake sabwereza zimene woonera adzionere yekha.

Chitsanzo ndi asodzi amene akukoka khoka ku Senga Bay. Pansi pa chithunzi pangalembedwe kuti: “Asodzi akukoka khoka ku Senga Bay m'boma la Salima Loweruka m'mawa. Nsombazo anazigulitsa pagombe pomwepo.” Chiganizo choyamba chimanena zooneka ngati kuti zikuchitika tsopano, pamene chachiwiri chimawonjezera zimene sizili pachithunzipo.

Pa kavidiyo ka masekondi 20, mawu amafupika: “Senga Bay, Salima: khoka likufika kumtunda.” Zotsatira zake sizitchulidwa, chifukwa kuziulula kumatha chidwi cha woonera. Dzina la wolankhula limaoneka pazenera nthawi imene wayamba kulankhula, ndipo zimene akunena zimalembedwa m'mizere yosapitirira iwiri, popeza ambiri amaonera pafoni atatseka mawu.

Cholakwika chofala ndi kuika mawu a chithunzi pa kavidiyo. Chimadziwika msanga: zithunzi zimasintha woonera asanamalize kuwerenga. Wowerenga chithunzi amadzipatsa yekha nthawi, koma pa kavidiyo mawu ayenera kukwana m'masekondi amene alipo.